L na R: lilime lathu silinalakwe

Pali nthabwala imodzi imene siikalamba m'matauni athu. Munthu akaimilila m'kalasi, m'chalichi kapena pa msonkhano, n'kukamba *light* pamene afuna kukamba *right*, anthu amagwa nayo nseko. Ena amamutcha wa kumudzi, ena amati sukulu anangoidutsa pawindo, ndipo iye mwini amayamba kuopa kutsegula pakamwa. Ine niona kuti nsekoyi ni ya anthu amene sanaganizepo mmene Chinyanja chimagwilila nchito. Wosokoneza l na r si wogona m'mutu ndipo lilime lake si lolemela. Iye akutsatila lamulo la chinenelo chake bwinobwino, koma akulitengela kumalo kumene siligwila nchito. Tikamvetsa lamulolo, tidzaleka kuseka, ndipo amene afuna kukonza katchulidwe kake adzadziŵa poyambila.

Tiyambe na zimene zimachitika m'kamwa. Pitikitsani nsonga ya lilime kumbuyo kwa mano a kutsogolo a m'mwamba. Mudzamva kachitunda kolimba, pamene nkhama zimathela. Pa kachitunda kameneka m'pamene pali nkhani yonse ya l na r. Kuti mutchule l wa Chizungu, nsonga ya lilime imakhala pa kachitundako n'kutseka njila ya pakati, koma m'mbali mwa lilime mumatsika. Mpweya ukapeza kuti pakati m'potseka, umatulukila m'mbali, pafupi na masaya. Mungadziyese nokha: ikani lilime monga mufuna kukamba l, musalisunthe, ndiyeno kokelani mpweya m'kati. Mudzamva kuzizila m'mbali mwa lilime, mbali imodzi kapena zonse ziŵili. Kuzizilako kukuonetsani njila imene mpweya umadutsa.

R wa Chizungu, uja amakamba anthu ambili a ku England na ku America, ali na kapangidwe kotembenuza. M'mbali mwa lilime ndimo mumakwela n'kukhudza mano a kumbuyo a m'mwamba, pamene pakati pamakhala potseguka. Nsonga ya lilime imanyamuka kuyang'ana kumwamba koma siikhudza chilichonse, ndipo milomo imasongoka pang'ono monga ya munthu amene afuna kukamba u. Ena amapinda nsonga ya lilime kumbuyo, ena amatukumula thupi la lilime pakati pa kamwa, koma zotulukapo zimamveka mofanana. Mukakokela mpweya m'kati lilime lili motelo, kuzizila mudzakumva pakati. Choncho pa l, pakati m'potseka ndipo m'mbali m'motseguka. Pa r, m'mbali m'motseka ndipo pakati m'potseguka.

Manje kambani liu lakuti "bwela" mmene mumakambila masiku onse, ndipo mvetselani zimene lilime likuchita. Silikhazikika pa kachitunda kaja monga pa l wa Chizungu, komanso silipewa kukakhudza monga pa r. Limangomenyapo kamodzi, mwamsanga, n'kubwelela. Umboni wake ni uwu: l wa Chizungu mungamukoke nthawi yaitali mpaka mpweya utatha, r nayenso mungamukoke, koma kamvekedwe ka pakati pa "bwela" simungakakoke. Mukayesa kukatalikitsa, kamasanduka chinthu china. Ndiye kuti m'Chinyanja tili na kamvekedwe kachitatu, kamene kali pakati pa aŵili aja. Kumayambililo kwa liu, monga mu "lelo" kapena "loto", kamayandikila l. Pakati pa liu, makamaka pambuyo pa i na e, kamafulumila n'kuyandikila r womenya kamodzi.

Chachikulu n'chakuti kusinthaku sikusintha tanthauzo. Wina akakamba "bwela", wina "bwera", onse akuitana munthu. "Kulila" na "kulira" ni misozi imodzimodzi. Simudzapeza mau aŵili a Chinyanja amene amasiyana tanthauzo chifukwa chakuti limodzi lili na l ndipo linzake lili na r. Kwa ise, l na r ni munthu mmodzi wovala malaya aŵili. N'chifukwa chake kalembedwe kathu kamasiyana malinga na dziko. Ku Malawi, malamulo a kalembedwe ka Chichewa a mu 1973 anati r azilembedwa pambuyo pa i na e m'kati mwa liu, ndipo l azilembedwa kwina konse, kotelo iwo amalemba "mtendere" koma "ndalama". Kuno mabuku ambili a Chinyanja amangolemba l, monga nikuchitila m'nkhani ino. Komabe r wa pambuyo pa i na e timamuona tsiku lililonse m'maina: Phiri, Chirwa, Nyirenda, Matero, Serenje, Kapiri Mposhi, Chirundu. Wokhala ku Matero akati "Matelo", palibe kondakita amene amamutsitsa pa malo olakwika.

Onaninso mau amene tinatenga ku Chizungu. Timati lole, lipoti, lisiti, labala, buleki, buledi, sitolo. Mau onsewa ali na r kumene anachokela, koma atafika kwathu analoŵa m'kamvekedwe kamodzi kamene tili nako. Makolo athu sanalakwitse pochita zimenezi. Chinenelo chilichonse chimapeleka kwa mlendo mpando umene chili nawo m'nyumba. Si ise tokha. Chibemba na Chitonga zimalemba l yekha. Chishona cha m'mabuku chimalemba r ndipo chilibe l. Chiganda cha ku Uganda chili na lamulo lofanana na la ku Malawi, la r pambuyo pa i na e. Ku Japan nakonso ali na kamvekedwe kamodzi chabe pamalo amenewa, ndipo ophunzila Chizungu a kumeneko amavutika na mau omwewo amene ise timavutika nawo.

Apa pali funso limene oseka aja safunsa. Ngati munthu ali na kamvekedwe kamodzi, n'chifukwa chiyani zimamveka monga akusinthanitsa dala, kuika r pa l na l pa r? Yankho lili m'khutu la womvela. Tengani mau aŵili, *collect* na *correct*. Mnyanja akatchula *collect*, l ali pakati pa mavawelo, pamalo pamene lilime lathu linazoloŵela kumenya mwamsanga. Womvela amene amasiyanitsa l na r amayembekezela lilime lokhazikika, ndipo akamva kumenyako amakuika m'gulu la r, n'kumva *correct*. Mnyanja yemweyo akatchula *right*, r ali kumayambililo, pamene kamvekedwe kathu kamayandikila l, ndipo womvela amamva *light*. Wokambayo sanasinthanitse chilichonse. Watulutsa kamvekedwe kake kamodzi komweko, ndipo womvela ndiye wakagaŵa paŵili.

Palinso chinthu chachiŵili chimene nseko imabala. Munthu akasekedwa kangapo, amaphunzila kuti r ndiye wa anthu ophunzila, ndipo amayamba kumuwaza paliponse, ngakhale pamene panali l wabwinobwino. Amayamba kugudubuza lilime mwamphamvu pa mau amene safuna r n'komwe. Uku si kusadziŵa, ni mantha. Oseka aja ndiwo amapanga cholakwa chimene pambuyo pake amachiseka koposa.

Kuti muone kuti nkhaniyi si ya nzelu, itembenuzeni. M'Chinyanja "kola" na "khola" ni mau aŵili osiyana: loyamba ni la msampha, lachiŵili ni nyumba ya ng'ombe. "Pala" na "phala" n'chimodzimodzi, kupala moto si kudya phala. Kusiyana kwake ni kampweya kamene kamatuluka pambuyo pa k kapena p, ndipo mwana aliyense wa ku Chipata amakumva popanda kuphunzitsidwa. Mzungu wophunzila Chinyanja amavutika nako, chifukwa m'chinenelo chake kampweyako sikasintha tanthauzo. Iye amakatulutsa mu *pin* n'kukasiya mu *spin* osadziŵa kuti wachita zinthu ziŵili. Kwa iye p na ph ni munthu mmodzi wovala malaya aŵili, monga l na r kwa ise. Palibe amene amati mzunguyo ni wa kumudzi.

Kusamva kusiyana kumeneku kumayamba tili makanda. Patricia Kuhl wa pa yunivesite ya Washington na anzake anayesa makanda a ku America na a ku Japan, n'kufalitsa zimene anapeza mu 2006. Pa miyezi 6 mpaka 8, makanda a maiko onse aŵili anali kusiyanitsa "ra" na "la" mofanana. Pofika miyezi 10 mpaka 12, a ku America anali atapita patsogolo, pamene a ku Japan anali atabwelela kumbuyo. Ubongo wa mwana umasunga kusiyana kumene kuli na nchito m'chinenelo cha pa nyumba, n'kuleka kusamala za kusiyana kumene kulibe nchito. Izi zimachitika mwana asanakambe liu loyamba, zaka zambili asanaone khomo la giledi wanu. Ndiye kuti vuto limayambila m'khutu, ndipo mphunzitsi amene amangokuwa kuti "bwelezanso!" akuuza mwana kuti akonze chinthu chimene mwanayo sakumva.

Ena adzati: ngati ni choncho, tisiyeni, Chizungu cha ku Zambia ni chathu ndipo sitifuna kumveka monga a pa BBC. Pa mbali yaikulu nigwilizana nawo. Palibe chifukwa chosinthila kamvekedwe konse ka mau anu. Ngakhale r weniweniyo alibe mtundu umodzi. Ambili a ku Scotland amamenya kapena kugudubuza nsonga ya lilime, Afalansa amamutulutsila kukhosi, ndipo m'Chisipanishi kumenya kamodzi na kugudubuza ni mamvekedwe aŵili osiyana, *pero* na *perro*. Chilembo ni chimodzi koma zochita za lilime n'zambili. Mukafuna kugudubuza r wanu pokamba Chizungu, gudubuzani, anthu adzakumvani.

Koma sinivomeleza kuti kusiyanitsa l na r kulibe nchito. M'Chizungu muli mau ambili amene amasiyana pa chinthu chimodzi ichi chabe: *load* na *road*, *play* na *pray*, *glass* na *grass*, *alive* na *arrive*. Pokamba maso na maso, nkhani yonse imathandiza womvela kudziŵa chimene mukutanthauza. Pa foni, pa mayeso, kapena polemba, thandizolo limachepa. Wogwila nchito m'shopu akalembela bwana wake uthenga wakuti adzapita ku *correct* ndalama kwa kasitoma, pamene atanthauza kukatenga, bwanayo angaganize kuti pali cholakwa m'mabuku. Dzina likalembedwa Chirwa pa chitupa chimodzi na Chilwa pa chinzake, kompyuta imaona anthu aŵili, ndipo mwini dzina ndiye amayenda maulendo okakonza. Adilesi ya imelo ikasintha chilembo chimodzi, kalata ya nchito siifika. Wochita malonda ku Nakonde adzapezanso kuti Chiswahili chimasiyanitsa: *kalamu* ni cholembela, *karamu* ni phwando. Choncho chofunika si kumveka monga mzungu, koma kukhala na mamvekedwe aŵili osiyana pamene chinenelo chinacho chimafuna aŵili.

Nkhani yabwino ni yakuti khutu la munthu wamkulu limaphunzitsika. Mu 1991, ofufuza a pa yunivesite ya Indiana, Logan, Lively na Pisoni, anaphunzitsa akuluakulu a ku Japan kwa masabata atatu. Anali kuwamvetsela mau aŵiliaŵili osiyana pa l na r chabe, otchulidwa na anthu osiyanasiyana, n'kuwauza nthawi yomweyo ngati asankha bwino. Ophunzilawo anapita patsogolo, ngakhale pa mau amene sanawamvepo pophunzila. Kafukufuku wina wotsatila, wa mu 1997, anaonetsa kuti katchulidwe kawo nako kanawongokela ngakhale kuti anaphunzitsidwa kumva chabe. Sanafike pofanana ndendende na eni chinenelo, ndipo tisaname kuti masabata atatu amafafaniza zaka makumi aŵili. Koma njila yake ni yoonekelatu: khutu poyamba, mau a anthu ambili, na yankho la pomwepo.

Nazi mmene mungachitile zimenezi na *collect* na *correct*. Pezani mnzanu amene amasiyanitsa bwino mau aŵiliwa. Iye alembe mndandanda wa mau 20, osakaniza aŵiliwa mosatsata dongosolo, ndipo aŵelenge limodzi limodzi imwe mutafulatila kuti musaone milomo yake. Pa liu lililonse lembani l kapena r. Popeza zosankha ni ziŵili chabe, munthu wongolota amapeza pafupifupi 10 pa 20. Mukapeza 9, 10 kapena 12, dziŵani kuti khutu lanu silinayambe kusiyanitsa, ndipo kulimbana na lilime pa nthawi imeneyi n'kutaya nthawi. Mukapeza 18 kapena kuposa, khutu lili bwino ndipo nchito yatsala pa lilime kapena pa kukumbukila kalembedwe.

Ngati khutu ndilo latsalila, musayambe na *collect*, chifukwa pakati pa liu m'pamene chizoloŵezi chathu chili champhamvu. Yambani na mau amene l kapena r ali kutsogolo, monga *light* na *right*, ndipo mnzanuyo azikoka kamvekedwe koyambako kwa sekondi yathunthu. Akuuzeni yankho pa liu lililonse, osadikila kuti mndandanda uthe. Mukayamba kupeza bwino, afupikitse pang'onopang'ono mpaka afike pa liŵilo la masiku onse. Ndiyeno sinthani woŵelenga. Mukazoloŵela munthu mmodzi, mumaphunzila mau a munthuyo osati kusiyana kwa l na r, ndipo mudzadabwa kuti kwa munthu wina mwabwelela pa 10. Madikishonale a pa foni amene amatchula mau angakhale woŵelenga wachiŵili na wachitatu. Mphindi khumi pa tsiku kwa masabata angapo zimaposa maola atatu a tsiku limodzi.

Pa lilime, kumbukilani malamulo aŵili achidule: pa l gwilani, pa r musakhudze. Kuti mutchule *collect*, kambani chigawo choyamba, ikani nsonga ya lilime pa kachitunda kaja, ŵelengani mumtima kufika pa ziŵili mau akutulukabe, ndiyeno masulani. Zidzamveka zokokomeza, koma cholinga ni kuletsa lilime kumenya n'kuthaŵa. Kuti mutchule *correct*, songolani milomo pang'ono, kanikizani m'mbali mwa lilime ku mano a kumbuyo, ndipo nsonga ikhale m'mwamba osagunda. Mukamva kagundo kalikonse, mwabwelela ku kamvekedwe ka Chinyanja. Mukamva monga mwakamba w, milomo yagwila nchito yokha ndipo lilime lagona pansi. Zimenezi zisakudetseni nkhawa, pakuti ana a Azungu nawonso amaika w m'malo mwa r, ndipo r ni mmodzi mwa mamvekedwe amene amawadziŵa mochedwa. Dzijambuleni pa foni mukuŵelenga mndandanda wanu wa mau 20, mupatse mnzanu alembe zimene wamva. Chiŵelengelo chake ndicho chidzakuuzani zoona, osati mmene imwe mukudzimvela.

Gawo lotsiliza ni mau monga *play* na *pray*. Awa ni ovuta paŵili, chifukwa Chinyanja sichiika l pambuyo pa p, b, k kapena g popanda vawelo pakati. N'chifukwa chake timati buledi na buleki. Tikaika u pakatipo, l kapena r amagwela pakati pa mavawelo, ndipo lilime limabwelela ku kumenya kuja. Njila yake ni kukonzekeletsa lilime milomo isanatseguke. Pa *play*, nsonga ikhale kale pa kachitunda pamene milomo ikali yotseka. Pa *pray*, ikhale kale m'mwamba osakhudza. Mukatsegula milomo, kamvekedwe koyenela kamatuluka kokha. Chokupepukilani n'chakuti m'Chizungu chimene timaphunzila kuno, r wa kumapeto kwa mau monga *car* na *teacher* satchulidwa, choncho pamenepo palibe nchito.

Kulemba kuli na vuto lakelake. Munthu amene anaphunzila mau ambili a Chizungu asanayambe kumva kusiyanaku anawasunga m'mutu na kamvekedwe kamodzi, ndipo ngakhale khutu litatseguka, afunika kubwelela ku liu lililonse kuti adziŵe gulu lake. Apa foni siikuthandizani, chifukwa *collect* na *correct* onse ni mau olondola ndipo siidzachonga mzele wofiila pansi pake. Lembani pa pepala mau khumi kapena makumi aŵili amene mumagwilitsila nchito kwambili pa nchito yanu kapena m'maphunzilo anu, ndipo muziwayang'ana kaŵili musanatumize uthenga. Pa maina a anthu, funsani mwini wake kalembedwe, chilembo na chilembo, ndipo pa mapepala anu tsatilani zimene zili pa chitupa chanu ngakhale kunyumba mumatchula mwina.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi na kwa ise amene timakonda kuseka. Mwana wa giledi faivi akakamba *light* m'malo mwa *right*, muuzeni kuti m'Chinyanja sanalakwe, muonetseni kachitunda ka m'kamwa, ndipo mumuyese khutu musanamuimike kutsogolo kwa kalasi. Pa Chinyanja chathu, tileke kukangana pa "bwela" na "bwera" monga wina akuononga chinenelo, popeza onse aŵili akulemba kamvekedwe kamodzi. Ndipo imwe amene mumasiyanitsa l na r mosavuta, mwina chifukwa munakulila m'nyumba yokamba Chizungu, mnzanu akafuna woŵelenga mndandanda wa mau 20, khalani pansi muŵelenge.